Mbiri ya matenda a agogo, yoti adokotala awerenge

Adokotala,

Odwalawa ndi agogo anga aakazi, a zaka 72, okhala ku Kawale. Dzina lawo lili pa buku la kuchipatala. Amene abwera nawowo ndi azakhali anga, ndipo ndi omwe akuwadwazika usana ndi usiku. Ine sindinathe kuchoka kuntchito ku Kanengo, choncho Lamlungu madzulo tinakhala pakhonde, iwo akufotokoza, ine ndikulemba. Azakhali sasunga madeti, amakumbukira ndi zochitika monga maliro kapena kukolola. Ndatsata zochitikazo n'kupeza miyezi yake.

Chomwe tabwerera

Miyendo yonse iwiri yatupa mpaka m'mawondo, ndipo akupuma mobanika, makamaka akagona. Kutupaku kwatha miyezi iwiri, kubanikaku milungu itatu.

Mmene zinayambira

Mu 2019 anawapeza ndi matenda othamanga magazi. Akhala akumwa amulodipini, piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndipo ankapita kukayezetsa bipi osaphonya.

Kumapeto kwa Epulo chaka chino anapita kumudzi ku Mitundu kukayang'anira zokolola. Anati akakhala milungu iwiri, koma kunagwa maliro a mchemwali wawo, moti anabwerako pakati pa Juni. Mankhwala anathera komweko chakumayambiriro kwa Meyi. Chiyambire nthawi imeneyo sanamwenso mankhwala a bipi. Atabwerako anati mutu sukuwawa, ndiye palibe chopitira kuchipatala.

Apa ndikupempha muwerenge mofatsa, chifukwa azakhali anazitchula komalizira kwenikweni, tikulowetsa mipando m'nyumba, poganiza kuti n'zosafunika. Ali kumudziko agogo anayamba kudandaula mawondo ndi msana, ndipo wina anawagulira indosidi. Ataona kuti akuwathandiza, anapitiriza. Akhala akumwa makapusozi awiri pa tsiku, tsiku lina atatu, kuyambira mu Meyi mpaka Lamlungu lapitali. Ndinapeza timapepala take tambirimbiri m'kachitini komwe amasungamo singano ndi ulusi. Tawaletsa kaye mpaka muwaone.

Kutupa kunayamba chakumapeto kwa Juni. Azakhali anazindikira poona kuti nsapato za pulasitiki zomwe agogo amavala popita kutchalitchi sizikulowanso. Poyamba mapazi ankatupa madzulo, kukacha n'kuphwa. Pofika pakati pa Julayi anasiya kuphwa. Mukadina ndi chala pa msongolo pamatsala kadzenje, ndipo kamachedwa kubwerera.

Kubanika kunabwera kumayambiriro kwa Ogasiti. Kale ankayenda okha mpaka kumsika, pano akangofika pampopi panja amaima, dzanja lili pakhoma. Chagada sangagone. Azakhali amawasanjikizira pilo ndi mabulangete awiri opinda kumsana. Mlungu wathawu anadzidzimuka katatu pakati pa usiku akusowa mpweya, n'kupempha kuti awatsegulire zenera. Amakhala tsonga kwa kanthawi, kenako zimachepa. Amatsokomolanso usiku, chifuwa chouma.

Lachisanu tinawayezetsa bipi pa sitolo ya mankhwala, inali 178/102.

Zina zomwe taona ndi zomwe palibe

Akudya pang'ono, mtanda umodzi wa nsima samaliza, amati m'mimba mwadzaza. Mkodzo wachepa masana. Masiku awiri mlungu watha chimbudzi chinali chakuda kwambiri. Azakhali anachiona okha. Thupi silikutentha, satuluka thukuta usiku, salavula magazi. Sanakomokepo, pakamwa sipanapindike, ndipo manja ndi miyendo zonse zikugwira ntchito. Shuga anawayeza chaka chatha ndipo zotsatira zili m'bukumo. Sasuta fodya, samwa mowa. Mchere amaukonda, amathira wina pambale, ndipo ndiwo zawo kawirikawiri ndi usipa wouma. Palibe mankhwala omwe anawawengapo.

Pali chinanso chomwe azakhali akuchita nacho manyazi, koma tagwirizana kuti ndilembe. Mu Julayi agogo anamwa mankhwala achikuda kwa mlungu umodzi, mizu yonyika m'madzi, kapu imodzi m'mawa. Kutupa kunali kutayamba kale asanamwe. Botolo lake lili m'jumbo limodzi ndi timapepala ta indosidi ndi kathumba kakale ka amulodipini.

Azakhali akukhulupirira kuti zonsezi zabwera chifukwa cha chisoni cha maliro aja. N'zoona kuti agogo sakucheza ngati kale, ndipo nthawi zina amalira okha. Ndalemba kuti nazonso muzidziwe.

Tikufuna kudziwa ngati vuto lili mumtima kapena mu impso, ngati ayambirenso amulodipini, komanso chomwe angamwe mawondo akamawawa. Muwauzenso azakhali zizindikiro zoti akaziona usiku asadikire kuti kuche.

Agogo samva bwino khutu lakumanzere, chonde muziwayankhula muli kumanja kwawo. Mukawafunsa mmene akumvera adzati ali bwino, ndiye mufunsenso azakhali.

Zikomo kwambiri,
Mdzukulu wawo