Kwa mamembala a komiti ya madzi ndi ulimi: tanthauzo la mawu oti "mitigate" mu lipoti la chilala

Mabwana ndi madona,

Angapo mwa inu mwandifunsa za mawu oti "mitigate" omwe akupezeka mobwerezabwereza mu lipoti lomwe tikambirane Lachinayi, makamaka pa tsamba 7 pomwe akukamba za mmene ndalama zigwiritsidwire ntchito. Ndati ndiyankhe nonse pamodzi tisanakumane, chifukwa tikawamva molakwika, tidzayembekezera zomwe lipotilo silinalonjeze.

Mawuwa amatanthauza kuchepetsa ululu kapena kuopsa kwa chinthu choipa. Anachokera ku Chilatini, ku liwu loti "mitis", lomwe limanena za chinthu chofewa kapena chofatsa. Choncho lipoti likawagwiritsa ntchito pa chilala, silikunena kuti chilala chithetsedwa kapena kuti mvula ibwera. Palibe komiti yomwe ingagwetse mvula. Chilala chidzafika ndithu, koma chidzapeze anthu, ziweto ndi minda zili zokonzeka, kuti chiwonongeko chikhale chochepa.

Tiyerekeze ndi minda iwiri yoyandikana, uliwonse wotulutsa matumba 20 chaka chabwino. Mvula yadula kwa masabata atatu mbewu zili pafupi kumasula. M'munda woyamba dothi lili pamtetete, lachita ming'alu, masamba apotana pofika 10 koloko m'mawa, ndipo mwini wake akolola matumba 4. M'munda winawo mlimi anaphimbira nthaka ndi mapesi, anathira manyowa, anakonza akalozera oti madzi azilowa pansi, komanso anabzala mbewu yocha msanga. Mukafukula pansi pa mapesiwo ndi chala, mupeza kachinyontho. Iyeyu akolola matumba 11. Naye wataya ndithu, matumba 9 si ochepa, koma banja lake silifika pogulitsa ziweto motchipa kuti lipeze chakudya. Matumba 7 omwe awasiyanitsawo ndiwo ntchito yomwe lipoti likunena.

Tanthauzoli si la olemba lipoti okha. Pangano la bungwe la United Nations lolimbana ndi kusanduka chipululu kwa nthaka, lomwe linavomerezedwa ku Paris pa 17 Juni 1994, limafotokoza kuti kuchepetsa zotsatira za chilala ndi ntchito zokhudza kulosera chilalacho komanso zothandiza kuti anthu ndi chilengedwe asakhale pachiopsezo chachikulu chikafika. Taonani kuti kulosera kuli momwemo. Ntchitoyi yambiri imachitika mitsinje isanaphwe: kumanga madamu ang'onoang'ono, kukonza mijigo yomwe inafa, kukolola madzi a mvula, kusunga chakudya cha ziweto, kusamalira mitengo m'mphepete mwa mitsinje, ndi kufikitsa uthenga wa zanyengo kwa alimi nthawi yobzala isanakwane.

Apa mpomwe ambiri timasokoneza. Kugawa chakudya kapena kutumiza magalimoto a madzi njala itavuta kale ndi thandizo la mwadzidzidzi. Nlofunika kwambiri, limapulumutsa miyoyo, koma m'malipoti a ngozi zogwa mwadzidzidzi limakhala ndi mutu wakewake. Ineyo ndimakayikira lipoti lililonse lomwe limalonjeza kuchepetsa zotsatira za chilala koma ndalama zonse nkupita ku zogawagawa. Chaka chamawa mavuto adzakhala omwewo.

Chenjezo lina ndi ili. Mawu omwewa akakhala m'nkhani ya kusintha kwa nyengo, monga m'Pangano la ku Paris la 2015, amasintha tanthauzo: amanena za kuchepetsa mpweya woipa womwe ukutenthetsa dziko, wochokera ku malasha, mafuta ndi kudula nkhalango. Zomwe ndatchula zija, madamu ndi mbewu zopirira ng'amba, akatswiri a zanyengo amaziika m'gulu la kuzolowera nyengo yosinthayo. Ndiye muziona liwu lotsatira. Ngati akuchepetsa zotsatira za chilala, ndi za minda ndi madzi. Ngati akuchepetsa kusintha kwa nyengo, ndi za mpweya. Pa tsamba 12 lipoti lathu lagwiritsa ntchito tanthauzo lachiwirili kamodzi kokha, musadabwe nazo.

Pomasulira kwa anthu omwe mumawaimira, nenani kuti "kuchepetsa ululu wa chilala" kapena "kuchepetsa mavuto obwera ndi chilala". Chonde pewani mawu oti "kuthetsa", pakuti zitsime zikadzaphwa anthu adzati tinawanamiza.

Lachinayi mubwere mutawerenga tsamba 7 mpaka 12. Pa ntchito iliyonse yomwe yalembedwapo tidzafunsa kuti ichepetsa vuto liti, kwa ndani, komanso idzatha mwezi uti mvula isanayambe.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti