Malangizo kwa Anamwino ndi Alangizi a Achinyamata: Kucheza ndi Mwana Amene Wayamba Mowa Kapena Chamba

Anzanga ogwira ntchito m'chipinda cha achinyamata,

Ana ambiri amene makolo ndi aphunzitsi akubwera nawo kuno sanalowerere kwambiri m'mowa kapena m'chamba, koma zizindikiro zayamba kuoneka: kujomba kusukulu, maso ofiira, ndalama zosowa m'nyumba ndiponso anzawo achilendo. Ndikupempha kuti pocheza nawo tizitsata njira yotchedwa Motivational Interviewing, imene katswiri wa za maganizo William Miller anailemba koyamba mu 1983 pothandiza anthu ovutika ndi mowa, ndipo pambuyo pake anaikuza pamodzi ndi Stephen Rollnick. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti zifukwa zosinthira khalidwe zizichokera pakamwa pa mwanayo, osati pakamwa pathu.

Wachinyamata wotere amakhala ndi mitima iwiri, wina wofuna kupitiriza ndi wina wochita mantha. Ife tikayamba kumuuza kuipa kwa chamba, timakhala tamulankhulira mbali ya mantha ija, ndipo iye amatsala ndi ntchito yoikira kumbuyo mbali inayo. Akamadzimva yekha akunena kuti chamba chilibe vuto, m'pamenenso amazikhulupirira. Kunyumba ndi kusukulu anamukalipira kale, choncho kukalipa kwathu sikungaonjezere kanthu.

Tiyerekeze kuti kwabwera mnyamata wa zaka 16 wa Fomu 3, amene amalume ake amupeza ndi ndudu ya chamba m'thumba la yunifolomu. Alonjereni amalumewo mwaulemu, imvani dandaulo lawo, kenaka apempheni kuti adikire panja. Muuzeni mnyamatayo kuti zokambirana zanu ndi zachinsinsi, pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina utakhala pangozi, ndipo pemphani chilolezo chake musanayambe nkhani ya chambayo. Funso loyamba likhale losayankhika ndi inde kapena ayi:

"Tandiuza, chamba chimakuthandiza chiyani?"

"Ndikasuta ndimaiwala zakunyumba, madamu. Komanso anzanga onse amasuta."

"Kunyumba zinthu zikukulemera, ndipo ukakhala ndi anzako umapezako mpumulo. Nanga ndi ziti zimene sizikusangalatsa pa kusutaku?"

"Masamu ndinkakhoza, koma teremu yatha ndinalakwa. Ndikawerenga sizikukhala m'mutu."

"Chamba chikukupumitsa maganizo, komanso waona kuti masamu amene unkawanyadira ayamba kukuthawa."

Funso loyamba lija ena mwa ife timaliopa, poganiza kuti tikuvomereza chamba. Sitikuvomereza ayi; tikufuna kudziwa chimene chambacho chikumuchitira mwanayo, chifukwa akachisiya popanda china chothetsera nkhawa zakezo, adzabwererakonso. Taonaninso kuti mlangizi sanalumphire nkhani ya masamu ndi ulaliki, koma anangoibweza kwa mwini wake m'mawu ofatsa kuti aimve bwino. Mawu ngati a mnyamatayu onena za masamu, osonyeza kufuna kusintha, kuthekera kwake kapena chifukwa chake, ndiwo tiyenera kuwatchera khutu ndi kufunsa kuti awafotokoze mokwanira.

Mukhoza kumufunsanso kuti, kuyambira pa 0 mpaka pa 10, kusintha n'kofunika motani kwa iye. Akanena kuti 4, musafunse chifukwa chake sananene 8, popeza adzakuwerengerani zifukwa zosasinthira. Funsani chifukwa chake wanena 4 osati 1, ndipo adzayamba yekha kutchula mayeso a MSCE kapena misozi ya mayi ake.

Chidziwitso chiperekedwe ndithu, koma mutafunsa kaye zimene akudziwa ndiponso ngati akufuna kumva zina. Muuzeni mwachidule kuti ubongo umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, kuti chamba chimasokoneza kukumbukira zinthu zimene munthu wangophunzira, ndiponso kuti oyamba mowa kapena chamba ali aang'ono ndiwo amavutika kwambiri kusiya. Akatsutsa kuti boma linaloleza chamba, mufotokozereni modekha kuti lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, osati chosuta, kenaka mufunse mmene akuzionera. Akanena kuti sasiya, musakangane naye. Muyankheni kuti chisankho ndi chake, ndipo muyamikireni moona mtima pa chinthu chenicheni chimene wachita, monga kulankhula chilungamo pamene akanatha kubisa.

Pomaliza bwerezani mwachidule zimene wanena, makamaka mawu ake ofuna kusintha, ndipo mufunse chimene akuganiza kuchita. Akasankha kusasuta masiku a sukulu kapena kupewa malo ogulitsira kachasu poweruka, landirani zimenezo ngati poyambira, mugwirizane tsiku lokumananso, komanso zimene nonse awiri mukawauze amalume aja.

Njirayi ndi ya ana amene angoyamba kumene. Mwana amene akumva mawu a anthu osaoneka, akunjenjemera akapanda kumwa, kapena akulankhula zodzipha, muonetseni kwa dokotala tsiku lomwelo, kuti ngati n'kofunika atumizidwe ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.

Ine wanu pa ntchito,
Namwino Wamkulu