Mawu odzifotokoza pa intavyu ya ku Bunda: pepala loyeserera la a Thokozani

A Thokozani, nawa mawu oti mudzayankhe akadzati tiuzeni za inu. Ayambe akhazikika m'Chichewa, Chingerezi chibwere pambuyo.

"Mwadzuka bwanji nonse. Dzina langa ndine Thokozani Mbewe, ndimachokera ku Mtakataka m'boma la Dedza. Ndili ndi dipuloma ya ulimi wa mthirira yomwe ndinatenga ku koleji ya NRC mu 2019. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikugwira ntchito ya ulangizi, ndipo ndimathandiza alimi a mpunga 130. Chaka chilichonse mchenga umadzaza m'ngalande, ndiye minda ya kumunsi imalandira madzi mochedwa. Kukumba mchengawo ndimatha, koma kukonza pulani ya ngalande yoti isamakwiririke sindinaphunzire. N'chifukwa chake ndikupempha malo ophunzira digiri ya uinjiniya wa mthirira kuno ku Bunda. Ndikamaliza ndidzabwerera kukagwira ntchito ndi alimi omwewo. Zikomo pondipatsa mpata."

Ndi zomwezo basi. Za kubadwa kwanu, mpingo ndi mavuto a pakhomo zisiyeni; akazifuna afunsa okha.

Chingerezi chili m'munsichi chalembedwa monga chimamvekera, m'zilembo zathu. Mbali yolembedwa ndi zilembo zazikulu ndiyo yotsindika.

Gud MO-ning. Mai neim iz Thokozani Mbewe, end ai kam from Mtakataka in Dedza DIS-trikt.

Moni wa Chingereziwu sadikira yankho, choncho musaime kuyembekeza kuti akufunseni kaya inu. "Ndimachokera" ndi "ai kam from". Ambiri amati "ai am kaming from", zomwe zikutanthauza kuti mwangotsika kumene basi ya ku Mtakataka m'mawa uno. Dzina lanu ndi la kwanu zitchuleni Chichewa chenicheni, osazipinda kuti zimveke Chizungu.

Ai hould e di-PLOU-ma in i-ri-GEI-shon from En Aa Sii, wich ai kom-PLII-ted in TWEN-ti nain-TIIN.

Apa Chichewa chikukuthandizani. Ife timatsindika mbali yachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu, monga mu "mthiRIra", ndipo mawu a Chingerezi othera ndi "shon" amatsindikidwa pomwepo. Chizolowezi chomwecho chidzakupusitsani pa A-gri-kal-cha, pomwe mphamvu ili poyambirira, ndi pa di-GRII, pomwe ili kumapeto.

Fo foo yiaz ai hav wekt az an eks-TEN-shon O-fi-sa, se-POO-ting wan HAN-dred end THE-ti rais FAA-maz.

Mzere uwu ndiwo uli ndi misampha yambiri, muucherezepo. Choyamba ndi "rais". M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi, timangolemba r pambuyo pa i kapena e, ndiye khutu lathu silimva kusiyana. M'Chingerezi "rais" ndi mpunga, "lais" ndi nsabwe. Mlangizi wa alimi a nsabwe 130 aseketsa gulu lonse lofunsa. Potchula l, nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano akumwamba. Potchula r, lilime limapindikira m'mbuyo pang'ono osakhudza paliponse, milomo itasongoka pang'ono. Yesani pagalasi: ngati lilime lagunda, mwanena nsabwe.

Chachiwiri ndi nambala. THE-ti ndi 30, the-TIIN ndi 13, ndipo chosiyanitsa ndi potsindika ndi n wakumapetoyo. Th ameneyu si wa mu dzina lanu. Wa mu Thokozani ndi t wotuluka ndi mpweya. Wa Chingerezi mumaika nsonga ya lilime pakati pa mano n'kuuzira. Mukaluma mlomo wakumunsi mutulutsa f, "feti" n'kumveka ngati 40.

Chachitatu ndi "wekt". Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, choncho pakamwa pamafuna kuwonjezera kuti "wekedi". Ndi kaphokoso kamodzi kokha, kothera pa t wouma. Liwu lapakatilo mulibe m'Chichewa: ndi e wautali wotchulidwa milomo ndi lilime zili phee. Mukazungulitsa milomo mwanena "wokt", kuti mwakhala mukuyenda pansi zaka zinayi. Ndiponso "kwa zaka zinayi" ndi "fo", osati "sins". "Sins" amatsatidwa ndi chaka chomwe munayamba. Mlangizi musamumasulire kuti "advaiza". Dzina la ntchitoyi lomwe aphunzitsi a zaulimi amalidziwa ndi lomwe lalembedwalo.

EV-ri yia, silt bloks dhe ke-NALZ, sou dhe LOU-wa fiildz ri-SIIV WOO-ta leit.

Mchenga wobwera ndi madzi, akatswiri amautcha "silt", ndipo kugwiritsa ntchito liwu limeneli kukuonetsa kuti ntchitoyo mumaidziwa. Pomwe palembedwa dh, lilime likhale pakati pa mano ngati poyamba paja, koma pakhosi pazinjenjemera. Mu "fiildz" kokani i. Mukamudula mwanena "fild", kudzazidwa.

Ai kan kliya dhe silt, bat ai hav not yet lent tu di-ZAIN e ke-NAL dhat steiz kliya.

M'Chichewa tinayamba ndi "kukumba mchengawo ndimatha", chinthu patsogolo, wochita pambuyo. Chingerezi sichilola bwino zimenezo, ndiye "ai" abwere poyamba. Kamawu koti "yet" musakataye: ndi kamene kakusandutsa "sindinaphunzire" kukhala "sindinafike pophunzira", kuti musamveke ngati mukudandaula za koleji yanu yakale.

Dhat iz wai ai am e-PLAI-ing fo dhe di-GRII in i-ri-GEI-shon en-ji-NIA-ring hia at Bunda. AF-ta mai STA-diz, ai wil ri-TEN tu wek widh dhe seim FAA-maz. Thenk yu fo dhe o-po-TYU-ni-ti.

"Ndikupempha" ndi ulemu kwathu, koma mukamasulira kuti "ai am beging" mwasanduka wopemphetsa. Wofunsira malo amati "eplaing". Mu e-PLAI-ing muli l, choncho lilime ligunde. Mukaika r, gawo lachiwirilo limveka ngati liwu lotanthauza kusuzumira za eni.

Kayeseredwe kake nkotere. Masiku awiri oyamba nenani Chichewa chokha mpaka mfundo zisanu zikhale m'mutu motsatana: dzina ndi kwanu, maphunziro, ntchito, vuto la ngalande, chomwe mwabwerera. Lowezani mfundozo, osati liwu ndi liwu, chifukwa woloweza ngati ndakatulo akaiwala liwu limodzi zonse zimabalalika. Tsiku lachitatu lembani Chingerezicho m'kalembedwe kake kenikeni papepala lina, mphunzitsi wa Chingerezi akuonereni. Kalembedwe ka pano nkothandiza pakamwa pokha, musakakalembe pa fomu.

Kuyambira tsiku lachinayi dzijambuleni mawu pafoni katatu m'mawa, katatu madzulo, mutakhala pampando monga mudzakhalire. Zonse zitenge pafupifupi mphindi imodzi. Mukamaliza m'masekondi 40 ndiye kuti mwathamanga, ndipo choyamba kugwa munthu akathamanga ndi zilembo zakumapeto, monga z wa "faamaz" ndi t wa "wekt". Pumani pothera chiganizo chilichonse. Pomvetsera musasake zolakwa zonse nthawi imodzi: ulendo woyamba mverani r ndi l, wachiwiri potsindika, wachitatu mathero a mawu.

Kutatsala masiku awiri pezani munthu woti akuduleni mawu pakati n'kufunsa kuti alimiwo ndi angati, kapena mchengawo umachokera kuti. Yankhani, kenaka pitirizani pa mfundo yomwe munasiyira, osabwereranso ku moni. Funso likakudutsani nenani kuti "kud yu ri-PIIT dhe KWES-chon, pliiz", ndipo chiganizo chimenechi muchiyesererenso kakhumi, chifukwa nachonso chili ndi r ndi l yemwe.