Pempho langa kwa nonse pa gulu la banja

Moni nonse kumudziko. Amayi, mwaswera bwanji? Achimwene, alamu ndi ana nonse, ine kuno ku Joni ndili bwino, ntchito ikuyenda, kungoti kwazizira kwambiri.

Ndili ndi pempho, chonde musandimve molakwa. Mavidiyo amene mukutumiza akundikulira. Foni yangayi ndi ya 32 GB, ndipo malo ambiri anatha kale ndi zinthu zimene inabwera nazo. Memori kadi sindingaikemo, chifukwa polowa pake ndi pamene pali simu ya kumudzi ija. Loweruka, mutatumiza za chinkhoswe cha achemwali ku Namwera, foni inadzaza mpaka mauthenga anasiya kulowa. Abwana analemba za kumene tikagwire ntchito Lolemba, ine osaona kanthu mpaka usiku. Kuno munthu ukapanda kuyankha msanga amaitana wina, ganyu n'kukupita.

Kuti malo apezeke ndinayamba kufufuta, ndipo zinandiwawa. Vidiyo ya amayi akuyanika usipa ku Makawa ndinaisiya, imeneyo sindingaichotse. Koma za ana zambiri zinapita. Ndikufuna ndizisunga zimene mwanditumizira, ndiziona ndikaweruka, osati lero kuona mawa kufufuta.

Iwe mphwanga, poti ndiwe umajambula, tamvera. Mu kamera ya foni, pa Settings, sankha 720p m'malo mwa 1080p. Ukasankha vidiyo pa WhatsApp, usanatumize, pamwamba pamaoneka kamzere ka zithunzi. Koka m'mphepete mwake, udule, patsale pofunika pokha. Pomwepo pamalembedwanso kukula kwake mu MB. Ikadutsa 10 MB, dulanso. Pa HD usadinepo, ndipo usatumize ngati Document, chifukwa imabwera yathunthu ndi kulemera kwake konse. Mphindi imodzi yandikwanira. Pa chinkhoswe paja chimene ndinkafuna ndi nthawi imene ankhoswe ankalankhula, ndi nkhope ya achemwali basi. Mukatero bandulo yanunso izikhalitsa.

Pa mwambo azitumiza munthu mmodzi. Za Loweruka zija zinabwera kuchokera kwa anthu atatu, gule yemweyo, nyimbo yomweyo. Mavidiyo oseketsa amene mumalandira ku magulu ena musamawaponye muno, munowa mukhale mwa nkhani za pakhomo.

Achimwene, za nyumba ija simufunika kuzungulira nayo ndi vidiyo. Zithunzi zinayi zakwana: kumaso, kuseri, mkati, ndi pamene afika amisiri pa lintala. Pa chithunzi ndimatha kukuza n'kuona bwino mmene njerwa zakhalira.

Amayi, inuyo musasiye kundilankhula. Mauthenga a mawu satenga malo ambiri, lankhulani mmene mungafunire, ndimamvetsera onse mpaka kumapeto. Ndalama ya simenti ndituma mwezi ukatha. Mupereke moni kwa amalume ku Malindi, muwauze kuti ndiwaimbira Lachisanu madzulo.