Pempho lowonjezera masiku a tchuthi cha maliro

Mchinji, Lachiwiri, 11 Febuluwale 2025

Kwa Bwana Woyang'anira Antchito,

Zikomo chifukwa cha uthenga wa chipepeso umene munanditumizira dzulo. Monga ndinakuuzani pa foni, mlongo wanga wamkulu anatisiya Lamlungu usiku kuchipatala ku Lilongwe. Malamulo a pantchito pathu amapereka masiku atatu a maliro, ndipo anga akutha mawa Lachitatu, tsiku lomwe tikuika thupi m'manda. Ndikupempha masiku ena anayi ogwira ntchito: Lachinayi pa 13, Lachisanu pa 14, Lolemba pa 17 ndi Lachiwiri pa 18. Ndidzafika pantchito Lachitatu pa 19 m'mawa.

Masiku atatu aja athera pa ulendo ndi kukonza maliro. Lolemba lonse linapita ndi basi ya ku Blantyre mpaka ku Lilongwe, makilomita opitirira 300. Lero tagula bokosi, tatenga kalata ya imfa kuchipatala, tatulutsa thupi ku mochale, ndipo tafika nalo kuno kumudzi madzulo, chifukwa msewu wafumbi wochoka pa tala waterera ndi mvula. Usiku uno tigona pa siwa. Adzukulu ayamba kukumba manda m'bandakucha, ndipo mwambo wa mpingo ndi zolankhula za amfumu zikatha, kumanda timachokako dzuwa litapendeka.

Chachikulu n'chakuti ine ndine mwini mbumba. Kwathu kuno ana amatsata kuchikazi, choncho ana atatu amene mlongo wanga wasiya akuyang'ana ine ngati malume awo. Bambo awo anamwalira kale. Lachinayi m'mawa ndi tsiku losesa ndi kumeta, ndipo pomwepo abale a mbali zonse ziwiri amakhala pansi pamaso pa amfumu kugwirizana za amene alere ana, amene asamale nyumba ndi munda, komanso ngongole zimene malemu asiya. Bwalo limeneli silingakhale popanda ine. Likalephereka tsiku limenelo, anthu amabalalika kubwerera kwawo, katundu amayamba kutuluka m'nyumba mmodzimmodzi, ndipo ovutika mapeto ake ndi ana. M'munda muli chimanga ndi mtedza zimene zidzakololedwa miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayi. Ndicho chakudya cha anawa chaka chino, ndiye payenera kudziwika msanga woziyang'anira.

Lachisanu ndi Lolemba ndi masiku a maofesi, ndipo izi sizingachitike Loweruka kapena Lamlungu poti amakhala otseka. Kalata ya kuchipatala si satifiketi ya imfa. Satifiketi imachokera ku ofesi ya kalembera ya National Registration Bureau, ndipo amafuna chiphaso cha unzika cha malemu ndi cha amene akukanena za imfayo. Dzina likasiyana ngakhale chilembo chimodzi pakati pa chiphaso ndi kalata ya kuchipatala, amakubwezani kuti mukakonzetse, tsiku n'kupita. Popanda mapepala amenewa banki siingatulutse ndalama za malemu, ndipo ofesi ya DC, imene imathandiza pa chuma cha masiye, siingayambe kalikonse. Satifiketiyo siituluka tsiku lomwelo, koma ndikangopereka mafomu zotsalazo ndidzazitsatira ndili ku Blantyre.

Palinso nkhani ya sukulu. Mwana wamkulu ali Sitandade 8 ndipo dzina lake linapita kale ku MANEB kudzera pasukulu imene ali. Kumusamutsa pano kungasokoneze mayeso ake, choncho ndiyenera kuonana ndi aphunzitsi aakulu ndi kupeza wachibale woti akhale naye mpaka alembe. Ang'onoang'ono awiriwo ndibwera nawo ku Blantyre, ndiye akufunika makalata osamukira. Lachiwiri pa 18 ndi la ulendo wobwerera.

Sindikufuna kuti kampani iluze kanthu. Masiku anayiwa muwachotse pa tchuthi changa cha pachaka, pa masiku 15 amene lamulo la ntchito limapereka kwa ogwira masiku asanu pa sabata. Chaka chino sindinatengeko ngakhale limodzi. Ngati zimenezo sizingatheke, ndivomera kuti akhale osalipidwa.

Za ntchito, makiyi a nyumba yosungiramo katundu ndinawasiya kwa wachiwiri wanga, pamodzi ndi buku lolembamo zolowa ndi zotuluka, lomwe lili bwino mpaka Lachisanu lapitali. Lole ya simenti imene ikubwera Lachinayi aiwerenge matumba isanachoke, ndipo ong'ambika kapena onyowa alembedwe pa pepala la dalaivala asanasaine, chifukwa akasaina kaye kampani yogulitsa imakana kubweza. Kuwerenga katundu kwa kumapeto kwa mwezi ndidzachita ndekha. Netiweki kuno ndi yovuta, koma uthenga wolemba ndimaupeza ndikafika pa msika madzulo.

Kope la kalata ya kuchipatala ndalitumiza limodzi ndi uthenga uno, ndipo kalata ya amfumu ndidzabwera nayo. Chonde mundiyankhe lisanathe Lachitatu, kuti ndidziwe chowauza abale tisanakhale pabwalo Lachinayi.

Ine wantchito wanu,
Kalaliki wosunga katundu