Mmene Asuri ndi Aperisiya ankalamulira mitundu imene anaigonjetsa

Mafumu a Asuri ndi a Perisiya ankafuna zinthu zofanana kwa mitundu imene anaigonjetsa, zomwe ndi msonkho, asilikali ndi kumvera, koma ankasiyana kwambiri pa kapezedwe kake. Asuri ankadalira mantha ndi kusamutsa anthu. Mzinda ukapanduka, ankauwononga n'kutenga eni ake kupita nawo kutali, ndipo m'malo mwawo ankabweretsa alendo ochokera kwina. Samariya atagwa cha m'ma 722 Khristu asanabadwe, mfumu Sarigoni inalembetsa kuti inatengako anthu oposa 27,000. Nkhanzazo sankazibisa ayi, ankazionetsa dala. Pamakoma a nyumba ya mfumu Senakeribu ku Nineve anasemapo kugwa kwa mzinda wa Lakisi mu 701: akaidi ena apachikidwa pamitengo yosongoka, ena akusendedwa khungu, kwinaku amayi ndi ana ali m'ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, amuna atasenza timatumba, ulendo wosabwerako. Osamutsidwawo ambiri sankaphedwa, ankalimitsidwa minda, kumangitsidwa mizinda kapena kulowetsedwa usilikali, koma munthu wochotsedwa pa nthaka ya makolo ake ndi pa kachisi wake sakhalanso ndi poyambira kupanduka, ndipo n'chimene Asuri ankafuna. Aperisiya anasankha kusiya anthu pamalo pawo. Koresi atalanda Babulo mu 539, analemekeza Maduki, mulungu wa mzindawo, anabweza mafano a mizinda ina kwawo, ndiponso analola Ayuda kubwerera ku Yerusalemu kukamanganso kachisi. Dariyo, amene anayamba kulamula mu 522, anakonza ufumuwo m'zigawo pafupifupi 20, chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake ndi msonkho wake woikika wa pachaka. Mitundu inapitiriza chilankhulo chake, ansembe ake ndi malamulo ake ambiri, pamene makalata a boma ankalembedwa kwambiri m'Chiaramu n'kutumizidwa ndi amithenga a pa akavalo mumsewu waukulu wa makilomita oposa 2,000 wochoka ku Sarde kukafika ku Susa. Kwa mlimi wamba kusiyanaku sikunali kwa masewera, chifukwa kukhoma msonkho uli pamunda wako n'kosiyana kutalitali ndi kuukhoma uli kudziko lachilendo. Komabe ndikuona kuti tingalakwe tikamati Aperisiya anali achifundo chabe. Iwo anazindikira kuti dera limene anthu ake akhazikika limapereka siliva ndi tirigu chaka ndi chaka, ndipo ufulu umene ankapereka unkathera pamene kumvera kwathera. Agiriki a ku Mileto atapanduka, asilikali a Dariyo anawononga mzindawo mu 494, anapha amuna ambiri, ndipo otsalawo anawasamutsira kutali kufupi ndi matsiriro a mtsinje wa Tigirisi, monga mmene Asuri akanachitira.