Mawu Othokoza a Mphunzitsi Wamkulu pa Mwambo Wotsanzikana Naye

Zikomo otsogolera mwambo. A Gulupu ndi mafumu onse amene muli pano, mlangizi wa zamaphunziro m'zoni yathu ino, abusa, apampando a komiti ya sukulu, aphunzitsi anzanga, makolo, ndi inu ana anga mwakhala pansi apa, landirani ulemu wanu.

Andipatsa mphindi ziwiri. Mphunzitsi kumupatsa mphindi ziwiri n'kumuzunza, koma ndiyesetsa.

Choko ndinayamba kugwira mu 1989, nditangochoka ku koleji ya aphunzitsi ku Blantyre. Lero ndakwanitsa zaka 60 ndipo boma lati ndikapume. Mwandiyamikira kwambiri pano, mpaka ndimadzifunsa ngati mukunena ine ndemwe. Ndiye mundilole ndikuuzeni eni ake a ntchito imene mukundiyamikira nayoyo.

Ena mukukumbukira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Ana anabwera ngati ngumbi. Sitandade 1 yokha inadzaza mkalasi, ena pakhonde, ena pansi pa mtengo wa mango uwo, bolodi titalitsamiritsa pa thunthu. Mvula ikangoti wa, sukulu yaweruka. Ine ndinalibe nzeru ina. Ndinu mafumu amene munamema anthu, mudzi uliwonse tsiku lake: abambo kuumba njerwa ndi kuotcha uvuni, amayi kututa mchenga kumtsinje, ndowa pamutu, mwana kumsana. Mdadada umene mwakhala pamthunzi pakewo unachokera mmenemo. Gogo Chalo, ndagwira mwendo wanu.

Amayi ophika phala, kodi muli kuti? Taimirirani anthu akuoneni. Amayi awa amafika kuno kusanache, nkhuni ali nazo kale, utsi uli m'maso, popanda wowalipira ngakhale tambala. Mwezi wa Febuluwale, chimanga chitatha m'nkhokwe, mwana amene amabwera kusukulu amabwerera kapu ya phalayo, ndipo ife timapezerapo mpata womuphunzitsa a e i o u. Tiwaombere m'manja.

Aphunzitsi anzanga, inu ndakuvutitsani. Ndimafuna masikimu sabata yoyamba ya teremu, rejisitala isagone osachonga, ndipo wochedwa ndimamudikirira pansi pa mbendera. Simunandisungire mangawa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atatigwetsera madzi ndi miyala kuchokera m'phiri la Mulanje, makalasi athu anasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinapita. Ena mwa inu munali mutaferedwa, ena mbewu zonse zitakokoloka. Komabe sukulu zitatsegulidwa munabwera, n'kumaphunzitsa a Sitandade 8 mpaka dzuwa kulowa kuti mayeso a MANEB asawapeze chimanjamanja. Mayina a ana osankhidwa kupita ku sekondale atatuluka, anthu anabwera kudzagwira chanza ine. Chanza chimenecho ndikubweza kwa inu lero.

Alonda athu, zikomo posunga mabuku ndi matumba a ufa wa phala usiku wonse ife tili mtulo.

Tsopano mayi akunyumba. Mayi, anthu awa amandiona nditatchena, shati yosita, tayi pakhosi. Sadziwa kuti malipiro akachedwa, zitumbuwa zanu ndi zimene zimagula sopo ndi makala a m'simbi. Transifa ikabwera, mumangomanga mapoto osafunsa kuti kumeneko kuli chigayo kapena mjigo. Ana athu munalera ndinu, ine ndili kalikiliki ndi ana a eni. Zikomo mayi. Kuyambira mawa mundipirire, ndizikhala pakhomo tsiku lonse.

Amene ndinakuphunzitsani kale, ndakuonani: wina ndi namwino, wina ali ndi okala pamsika, winanso ndi uyu akuphunzitsa Sitandade 3 pompano, yemwe ndinkamukoka khutu chifukwa cha matebulo. Njinga mwasonkherana kundigulirayi ndailandira ndi manja awiri. Nsalu ya mayi, mbuzi yochokera kwa makolo, zonse taziona. Mulungu abwezere pamene mwachotsapo.

Kwa amene ndinakulakwirani pa zaka zonsezi, pepani, mundikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi. Mayi amene akutenga makiyi a ofesiwa muwagwire mkono monga munachitira ndi ine. Akaitanitsa msonkhano wa makolo, bwerani. Mtsikana akasiya sukulu, musadikire kuti aphunzitsi akamutenge okha. Zimbudzi za atsikana tazisiya pa maziko, njerwa zilipo kale kuseri uko.

Ine sindikupita kutali. Mukandifuna mukandipeza kumunda kwa nandolo, ndipo wofuna kulemberedwa kalata abwere ndi pepala lake.

Otsogolera mwambo ayamba kuyang'ana wotchi, nsimanso ikuzizira. Zikomo kwambiri nonse, Ambuye akudalitseni.